CHENJEZO: Petulo wathu ali ndi ethanolo, eni galimoto zakale ndi injini zing'onozing'ono samalani

Chenjezoli likupita kwa eni galimoto zakale za kabuleta, akabaza a njinga zamoto, alimi othirira ndi mapampu a petulo, asodzi a maboti a injini, eni majenereta, ndi onse ogwiritsa ntchito makina ochekera matabwa kapena otchetchera udzu. Injini za dizilo sizikukhudzidwa.

Petulo amene timamwetsa m'Malawi muno amasakanizidwa ndi ethanolo. Injini yoyenda tsiku ndi tsiku, yokhala ndi mapaipi abwino, imamupirira petuloyu. Zimene zili pachiopsezo ndi injini yosiyidwa miyezi ili ndi petulo m'kati, injini ya mapaipi a labala okalamba, ndi injini imene petulo wake walowa madzi. Zotsatira zake ndi injini yokana kulira, injini youma osapukusikanso, ndipo nthawi zina moto.

Chitani izi lero

Tsegulani boneti injini ili yozizira, mugwire mapaipi onse a labala odutsa petulo. Paipi yolimba ngati mtengo, yong'aluka, yotupa, yofewa ngati phala kapena yonyowa ichotsedwe galimoto isanayendenso. Mukamva fungo la petulo pafupi ndi injini, musailize.

Jenereta, pampu kapena injini ya boti imene yakhala miyezi iwiri kapena kuposa ili ndi petulo m'thanki musaikoke chingwe. Yambani mwakhutula petuloyo.

Musaliziretu injini ndi petulo wa m'chigubu kapena m'botolo amene simukudziwa kumene wachokera musanamuthire pang'ono m'botolo la galasi loyera n'kumuyang'ana.

Zimene zili m'petulo wathu

Malawi anayamba kusakaniza ethanolo m'petulo mu 1982, pamene fakitale ya ethanolo inatsegulidwa ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota. Ina inayamba ntchito mu 2004 m'boma la Chikwawa. Zonse ziwiri zimatcheza ethanolo kuchokera ku molasesi, madzi okhuthala akuda otsala popanga shuga. Mulingo umene dziko lino linaika umafika pa malita 20 a ethanolo pa malita 100 aliwonse a mafuta, koma mulingo weniweni umakwera ndi kutsika malinga ndi kupezeka kwa ethanolo. Choncho petulo amene munamwetsa mu Epulo akhoza kusiyana ndi wa mu Seputembala, ngakhale malo omwetsera ndi omwewo.

Mabuku a injini amalemba milingo imeneyi mwachidule. E10 ndi petulo wokhala ndi ethanolo 10 pa 100, ndipo E20 ali ndi 20 pa 100. Kusiyana kwa ziwirizi n'kwakukulu, chifukwa opanga injini zing'onozing'ono ambiri, monga Honda, Briggs & Stratton, Stihl ndi Yamaha pa injini zake za maboti, amavomereza E10 basi. Ku America boma linalola E15 pa galimoto zopangidwa kuyambira 2001, koma linailetsa pa njinga zamoto, pa maboti ndi pa injini zing'onozing'ono. M'mayiko oterewa mwini injini amatha kusankha pampu ina. Kwathu kuno pampu ya petulo ndi imodzi, ndiye chitetezo chonse chili m'manja mwa mwini injini.

Mmene ethanolo amawonongera

Choyamba ndi madzi. Petulo weniweni sasakanikirana ndi madzi, koma ethanolo amawakonda, ndipo amayamwa ngakhale chinyontho cha mumpweya. Madzi akakhala ochepa amasungunuka m'mafutamo n'kupsera limodzi m'injini popanda vuto. Akapitirira malire, ethanolo amasiyana ndi petulo, amagwirana ndi madziwo, ndipo zonse ziwiri zimatsikira pansi pa thanki, pomwe pali paipi yotengera mafuta ku injini. Pa E10 malirewo ndi pafupifupi theka la lita ya madzi pa malita 100. Pa thanki ya pampu ya malita atatu, amenewo ndi madzi odzaza supuni imodzi yaikulu. E20 amanyamula madzi ochulukirapo asanapatukane, koma akapatukana, zotsikira pansi zimakhalanso zambiri.

Chachiwiri ndi labala ndi zitsulo zofewa. Ethanolo amatupitsa labala wamtundu wakale, ndipo labalayo akauma amalimba n'kung'aluka. Ethanolo wosakanikirana ndi madzi amachititsa dzimbiri m'thanki yachitsulo, ndipo amadya mbale ya kabuleta n'kusiya ufa woyera. Amatsukanso utoto ndi litsiro lakale la m'thanki, zonsezo n'kukatseka fyuluta ndi timabowo ta kabuleta.

Chachitatu ndi kuchepa kwa mafuta poyerekeza ndi mpweya. Ethanolo ali ndi mphamvu zochepa kuposa petulo, ndiye injini imafuna mafuta ochulukirapo pa mpweya womwewo, pafupifupi 4 pa 100 pa E10 ndi 8 pa 100 pa E20. Galimoto ya mainjekita ili ndi kompyuta yoyeza utsi, ndipo imawonjezera yokha mafutawo. Kabuleta sangatero, chifukwa bowo la jeti yake silikula lokha. Injini yolandira mafuta ochepa imatentha, ndipo injini zing'onozing'ono zoziziritsidwa ndi mpweya ndizo zimavutika kwambiri.

Galimoto zimene zimapirira ndi zimene sizipirira

Galimoto zambiri za mainjekita zopangidwa kuyambira cha m'ma 2000 zimayenda bwino ndi E10. Ku Ulaya, kumene opanga galimoto anafalitsa mindandanda yake, Toyota inavomereza E10 pa galimoto zake za petulo kuyambira Januwale 1998, Nissan kuyambira Januwale 2000, ndipo Honda pa galimoto zake zonse za mainjekita. Mindandandayi ikunena za E10 yokha, ndipo siikulonjeza kanthu pa E20. Komanso galimoto zathu zambiri zinachokera ku Japan, kumene petulo wamba saloledwa kupitirira ethanolo 3 pa 100. Galimoto zoterezi zikhoza kuyenda zaka zambiri popanda vuto, koma mapaipi, fyuluta ndi pampu ya mafuta zimafuna kuonedwa kawirikawiri.

Gulu lina lofunika tcheru ndi la injini zoyamba zopopera petulo m'silinda mwachindunji. Pa mndandanda womwewo Toyota inapatula injini ya 1AZ-FSE ya mu Avensis ya pakati pa 2000 ndi 2008, ndipo Mitsubishi inapatula injini zake za GDI za chisanafike 2007. Injini ya 1AZ-FSE, yolembedwa D-4 pachivundikiro, ilinso mu Noah, Voxy, RAV4 ndi Premio zambiri za zaka zimenezo. Pampu yake imakankha mafuta ndi mphamvu yaikulu kwambiri, ndipo ikayamba kudontha si nkhani yoti mawa. Ngati muli ndi galimoto yotere, musailekere miyezi ndi petulo wakale, ndipo ikayamba kuchedwa kulira kapena kununkha petulo, ipite kugalaja tsiku lomwelo.

Zomwe zili pachiopsezo chachikulu ndi galimoto za kabuleta: ma Nissan 1400, ma Peugeot 504, ma Mazda 323, ma Land Rover akale, ma Hilux ndi ma Hiace a petulo a zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa 1990. Zambiri mwa izi zamwa petulo wosakanizayu moyo wawo wonse ndipo zidakayendabe, chomwe chikuonetsa kuti chitsulo cha injini chimapirira. Zofooka ndi zinayi. Mapaipi a labala akang'aluka amawazira petulo pa paipi ya utsi yotentha. Kachikopa ka m'pampu ya mafuta yoyendetsedwa ndi injini kakabooka, petulo amatsikira mu oyilo. Muzazindikira poona oyilo akukwera pa chitsulo choyezera m'malo motsika, ali wopyapyala ndiponso wonunkha petulo. Kasingano kotseka mafuta mu kabuleta kakatupa kapena kudyeka, kabuleta amasefukira. Chomaliza ndi fyuluta, imene imatsekeka msanga makamaka pa galimoto yongodzutsidwa kumene itakhala zaka.

Pogula paipi, funsani ya petulo yolembedwa SAE J30 R9. Paipi ya madzi kapena ya pulasitiki yoonekera m'kati singalowe m'malo mwake, ngakhale itakwana bwanji. M'nyengo yotentha ya Okutobala, makamaka ku Chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, galimoto ya kabuleta ikhoza kukana kulira mukaizimitsa ili yotentha, chifukwa petulo wa ethanolo amawira msanga m'mapaipi. Ikazizira imalira. Mankhwala ake ndi kutalikitsa paipi ya mafuta ku zitsulo zotentha.

Chitsanzo cha pampu yosiyidwa dzinja lonse

Titenge mlimi wa kudimba amene ali ndi pampu ya petulo ya thanki ya malita atatu. Mvula itayamba mu Novembala anaizimitsa n'kuiika pakhonde, m'thanki muli lita imodzi, kampopi ka mafuta kali kotsegula. Chivundikiro cha thanki chili ndi kabowo kopumira. Masana mpweya wa m'thanki umafutukuka n'kutuluka, usiku umalowa wina wachinyontho, ndipo izi zikuchitika tsiku lililonse dzinja lonse. Pa lita imodzi ya E10, madzi odzaza supuni ya tiyi akwanira kupatula mafutawo. Mvula yowomba pakhonde kamodzi kokha ikhoza kulowetsa oposa amenewo. Pa nthawi yomweyo petulo wa m'mbale ya kabuleta akuuma, akusiya zomata ngati utomoni.

Mu Meyi mlimiyo akukoka chingwe mpaka phewa kuwawa. Pampu ikulira pang'ono n'kuzima, kapena ikulira pokhapokha tchoki ili yotseka theka, ndipo liwu lake likukwera n'kutsika. Ambiri apa amathamangira kukagula pulagi yatsopano, koma pulagi ilibe mlandu.

Kukonza kwake kumayamba panja, kutali ndi moto, mbaula ndi fodya. Tsekani kampopi ka mafuta. Pansi pa kabuleta pali kambale, ndipo pambali pake pali kabawuti kokhutulira. Ikani botolo la galasi pansi pake, masulani kabawutiko, kenako tsegulani kampopi kuti zonse za m'thanki zitsike. Dikirani mphindi khumi. Petulo wabwino amakhala woyera mbee, wamtundu umodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mukaona mzere wogawa madzi awiri, kapena mafuta a mbuu ngati madzi otsukira mpunga, apatukana. Mafuta amenewo asabwererenso mu injini iliyonse, ngakhale apamwambawo, chifukwa ethanolo atachoka, petulo wotsalayo ndi wofooka ndipo amagogodetsa injini. Musawataye mumtsinje, m'dimba kapena pafupi ndi chitsime, ndipo musakolezere moto. Atsekereni m'chigubu cholembedwa bwino muwapereke kugalaja.

Kenako chotsani kambale konse. Zomata zofiirira ndi petulo wouma, ufa woyera ndi chitsulo chodyeka, ndipo timiyala tofiira ndi dzimbiri la m'thanki. Masulani jeti ya pakati, muiyang'anitse kudzuwa. Bowo lake liyenera kuoneka lozungulira bwino. Itsukeni ndi mankhwala otsukira kabuleta ndi kuipopera mpweya. Musaibaye ndi singano kapena waya, chifukwa bowo likakula mosayeza injini idzayamba kufuka utsi wakuda ndi kumwa mafuta. Onaninso kalabala kozungulira kambale. Kakatupa mpaka kukana kubwerera m'malo mwake, gulani kena. Thanki ikakhala ndi dzimbiri, itsukeni ndi petulo watsopano pang'ono mpaka atuluke woyera, ndipo muikepo fyuluta yaing'ono pa paipi.

Mukathira petulo watsopano, pampu iyenera kulira ndi tchoki yotsegula ikangotentha. Ikagwira ntchito theka la ola, izimitseni, izizire, muone pulagi. Nsonga yamtundu wa khofi wamkaka ikusonyeza kuti zili bwino. Nsonga yoyera ngati choko ikusonyeza kuti mafuta akuchepabe ndipo injini ikutentha. Pamenepo makaniko aone ngati kabuleta akuyamwa mpweya pambali, ndipo ngati sakutero, aikepo jeti yokulirapo pang'ono.

Zonsezi zikanapeweka ndi ntchito ya mphindi zisanu mu Novembala. Potseka nyengo, khutulani thanki, lizani injini mpaka izime yokha, masulani kabawuti kokhutulira kuti kambale kaume, ndipo sungani makinawo m'nyumba mouma. Jenereta yodikira kuthima kwa magetsi singakhale yopanda mafuta, ndiye nthawi zonse muziizimitsa potseka kampopi kuti kabuleta atsale wouma, muziiliza kamodzi pa milungu iwiri, ndipo petulo wa m'thanki asapitirire mwezi umodzi.

Asodzi ndi ocheka matabwa, chenjerani koposa

Injini zambiri za maboti, makina ochekera matabwa ndi otchetchera udzu zilibe oyilo wapadera m'mimba mwake. Zimadalira oyilo wa 2T amene mumasakaniza m'petulo. Mafuta akapatukana, oyiloyo amatsala pamwamba limodzi ndi petulo, ndipo injini imayamwa zapansi, zomwe ndi ethanolo ndi madzi zopanda oyilo. Injini yotere ikhoza kulira kanthawi kenako pisitoni n'kuuma m'silinda. Pamtunda mwataya makina, koma panyanja usiku, mwera ukuwomba, mukhoza kutaya moyo.

Musananyamuke padoko, yang'anani mafuta m'botolo la galasi. Potunga oyesawo tengani apansi penipeni pa thanki, pogwiritsa ntchito kampira kopopera, osati pakamwa. Tsekani kabowo kopumira pa thanki pamene injini siikugwira ntchito, ndipo thankiyo isakhale m'madzi a pansi pa boti. Sakanizani mafuta okwanira masiku ochepa okha, pa mulingo wa oyilo wolembedwa pa injini yanu. Kampira kopopera kakalimba kapena paipi ikayamba kutulutsa tizidutswa takuda, sinthani zonse ziwiri.

Kwa akabaza

Njinga yoyenda tsiku ndi tsiku siimupatsa petulo nthawi yokalamba, ndiye vuto la kupatukana silichitika kawirikawiri. Madzi amalowera pa chivundikiro cha thanki chimene labala wake watha, potsuka njinga kumtsinje, ndiponso m'mabotolo a m'mbali mwa msewu. Njinga ikayamba kudukiza mvula itagwa, khutulani kambale ka kabuleta musanaganize za china. Kampopi ka mafuta kakayamba kudontha, kasintheni, chifukwa kali pamwamba penipeni pa injini yotentha.

Za petulo wa m'zigubu

Mafuta akasowa, anthu amasunga petulo m'zigubu za mafuta ophikira ndi m'mabotolo a zakumwa. Kugula m'zigubu kuli ndi malamulo ake a bungwe la MERA, koma kupatula za malamulo, chigubu chotsukidwa ndi madzi n'kusauma bwino chikhoza kuwononga malita onse amene mwathiramo. Petulo wa ethanolo amabisanso madzi, moti mafuta ooneka oyera masana akhoza kupatukana usiku wozizira wa mu Juni, chifukwa petulo wozizira amanyamula madzi ochepa.

Mukafuna kudziwa kuchuluka kwa ethanolo, tengani botolo lopyapyala loyezera la mamililita. Thirani madzi mamililita 20, onjezerani petulo mamililita 100, tsekani, khutchumulani, ndipo dikirani mphindi khumi. Madzi amakoka ethanolo. Mzere wapansi ukakwera kufika pafupi ndi 30, mafutawo ndi E10. Ukayandikira 40, ndi E20. Kuyeza uku n'kongoyerekeza, koma kukuuzani ngati injini yanu ikumwa mafuta opitirira zimene buku lake limalola. Musagwiritse ntchito njira imeneyi pochotsa ethanolo m'petulo woti muthire m'injini. Petulo wotsalayo amakhala wofooka ndiponso wachinyontho. Musawonjezerenso palafini kapena sipiriti poganiza kuti mukukonza mafuta.

Musamunamizire ethanolo zonse

Ethanolo amawonjezera kamwedwe ka mafuta pang'ono chabe. Galimoto yomwa malita 10 pa makilomita 100 ndi petulo wosasakaniza imafuna pafupifupi malita 10.3 pa E10 ndi 10.7 pa E20. Ngati yanu yafika pa malita 13, vuto lili pena: mafuta akudontha, kabuleta akusefukira, fyuluta ya mpweya yatsekeka kapena mapulagi atha. Yang'anani pansi pa galimoto m'mawa musanailize. Dontho la petulo pamenepo likutanthauza kuti galimotoyo isanyamule anthu mpaka itakonzedwa.

Mukaona kuti petulo wochokera pa malo omwetsera ovomerezeka ndi wa mbuu kapena wapatukana, sungani lisiti ndi mafuta pang'ono m'botolo lotseka bwino, ndipo kanenani ku MERA. Dziwitsaninso anzanu a pasiteji, a padoko ndi a kalabu ya ulimi wothirira, makamaka amene atsala pang'ono kusunga makina awo kapena kuwatulutsa.